Positala Yanu Ioneke Kuti Ndi Yanu

Mukaima pa depoti ya maminibasi n'kuyang'ana mapepala omatidwa pakhoma, kapena mukatsegula masitetasi a WhatsApp Lachisanu madzulo, mudzaona kuti mapositala ambiri akufanana ngati apachibale. Wa msonkhano wachitsitsimutso, wa saluni yatsopano, wa mpikisano wa mpira ndi wa nkhuku zogulitsa, onse ali ndi zilembo zagolide zonyezimira, timizere tokhota m'makona, ndi chithunzi cha munthu womwetulira amene palibe akumudziwa m'dera lonselo. Eni ake anaika mtima pa ntchitoyo, koma wodutsa akaponyapo diso amaganiza kuti anaiona kale, ndipo amapitirira.

Ambiri mwa mapositala amenewa amapangidwa pa Canva, pulogalamu yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2013 ku Australia, ndipo anaiyambitsa ndi Melanie Perkins, Cliff Obrecht ndi Cameron Adams. Cholinga chawo chinali chakuti munthu amene sanaphunzire luso lokonza zithunzi ndi zolemba athe kudzipangira yekha chinthu chooneka bwino. Zimenezi zinatheka. Lero mlembi wa komiti ya sukulu kapena mayi wogulitsa makeke amatha kupanga positala pa foni yake osalipira kanthu, kupatula bandulo. Vuto limabwera chifukwa cha njira imene ambirife timayambira: timatsegula pulogalamuyo, n'kusankha tempuleti imene yatikopa, kenako n'kumakankhiramo mawu athu.

Tempuleti ndi positala yokonzedweratu, yongofunika kusintha mawu. Ili ngati chikombole cha njerwa: dothi likhale la kwa yani, njerwa zonse zimatuluka zofanana. Amene anaikonza sankadziwa mwambo wanu, anthu anu, ngakhale chinenero chanu. Anaiyeza ndi mawu aafupi a Chingerezi, ndipo mukaikamo mawu athu monga "chitsitsimutso" kapena "chionetsero", mawuwo amasefukira, inu n'kuyamba kuchepetsa zilembo mpaka mutu wa nkhani kusanduka waung'ono kuposa maluwa okongoletsera. Choncho chimene chimasiyanitsa positala yanu ndi zinzake si zokongoletsa. Ndi zinthu zitatu zimene Canva sangakupatseni: mawu anu, chithunzi chanu, ndi mitundu yochokera kwanu.

Tiyeni titsate ntchito imodzi kuyambira pachiyambi mpaka itamatidwa pakhoma. Tiyerekeze kuti mpingo wina ku Ndirande ukufuna ndalama zogulira malata a tchalitchi, ndipo waitana makwaya 6 kuti adzaimbe Loweruka pa 14 Juni. Pakhomo akulu adzalipira K2,000, ana K500. Inu ndinu mlembi wa achinyamata, ndipo akupatsani ntchito ya positala.

Yambirani papepala, foni ili m'thumba

Kawirikawiri komiti imakupatsani uthenga wautali: moni, dzina lonse la mpingo, mutu wa tsikulo, vesi, maina a makwaya onse, mlendo wolemekezeka, maina a akomiti, manambala a foni atatu, ndi mawu akuti nonse ndinu olandiridwa. Zonsezi n'zoona ndipo n'zabwino, koma positala si kalata. Munthu amaiona akuyenda, mwina ali pa kabaza, ndipo amaipatsa kamphindi kochepa kwambiri. Ngati m'kamphindi kameneko sanagwire chinthu chimodzi, ndiye kuti sagwiranso china chilichonse.

Tengani pepala ndi cholembera, mugawe uthengawo m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi chimene chimuimitse munthu, ndipo chikhale cha mawu osapitirira asanu. Gulu lachiwiri ndi zimene akufunika kudziwa kuti afike: tsiku, nthawi, malo ndi mtengo. Gulu lachitatu ndi za munthu amene waima kale ndipo wayandikira: maina a makwaya, cholinga cha ndalamazo, ndi nambala imodzi ya foni. Chimene sichikulowa m'magulu atatuwa chikanenedwe pa zolengeza za Lamulungu.

Mutu ndi umene umavuta. "Phwando Lalikulu la Nyimbo Zauzimu" ukhoza kukhala mutu wa mwambo uliwonse m'dziko muno, ndipo n'chifukwa chake sugwira munthu. Dzifunseni kuti ndi chiyani chimene chili choona pa mwambo wanu wokha. Kuno yankho ndi lakuti makwaya ndi 6 ndipo adzaimba tsiku limodzi, ndiponso kuti ndalama zake ndi za malata. Mutu ukhoza kukhala "MAKWAYA 6, TSIKU LIMODZI", ndipo pansi pake kamzere kakuti "Tiyeni tifolere tchalitchi chathu". Mawu amenewa sangapezeke m'tempuleti iliyonse, chifukwa ndi a nkhani yanu.

Pamakhalanso nkhani ya ulemu. Abusa ndi mlendo wolemekezeka ayenera kutchulidwa, ndipo nthawi zina akomiti amafuna kuti nkhope zawo zonse zionekepo. Musakane mwachipongwe, koma afotokozereni kuti nkhope zisanu ndi imodzi papepala limodzi zimakhala zazing'ono moti palibe imene imadziwika. Dzina la mlendo lolembedwa bwino pa mzere wakewake, lokhala ndi malo opumira, limampatsa ulemu woposa kankhope kodulidwa m'mbali kopanikizidwa pakona.

Mukamaliza, jambulani timabokosi titatu papepala lomwelo, ndipo m'kabokosi kalikonse muyese kuika mutu, chithunzi ndi tsiku m'malo osiyana. Sankhani kamene kakuoneka bwino. Apa ndiye mwapanga positala. Zotsalazo ndi kungoimanga.

Tsamba lopanda kanthu ndi kukula kwake

Mukatsegula Canva, musapite ku matempuleti. Sankhani Custom size, muike muyeso wa mm, ndipo mulembe 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Limenelo ndi pepala la A4, lomwe malo aliwonse opangira fotokope ali nalo. Ngati mukasindikiza pa A3, muyeso wake ndi 297 ndi 420. Ubwino wa mapepala awiriwa ndi wakuti ali ndi kaimidwe kofanana, kotero positala ya A4 imakuzidwa kukhala A3 popanda kudula chilichonse. Sitetasi ya WhatsApp ndi yosiyana: ndi yaitali komanso yopyapyala, 1080 ndi 1920 pa muyeso wa px. Batani losinthira kukula kwa ntchito yomalizidwa kale ndi la olipira, choncho wogwiritsa ntchito Canva yaulere amayamba tsamba lina la sitetasi n'kuyalanso zinthu zomwezo. Imeneyi si ntchito yotaya nthawi, chifukwa pa foni mawu a gulu lachitatu amafunika kuchepetsedwanso.

Siyani malire a sentimita imodzi ndi theka kuzungulira pepala lonse, musaikemo mawu. Makina ambiri osindikizira a m'maofesi safika m'mphepete mwenimweni mwa pepala, ndipo opangira fotokope amatha kupendeketsa pang'ono. Nambala ya foni imene yatsamira m'mphepete ndi imene imayamba kudulidwa.

Ngati tsamba loyera likukuopsani ndipo mukufunabe tempuleti, itengeni chifukwa cha kayalidwe kake kokha, kutanthauza pamene pali mutu, pamene pali chithunzi, ndi pamene pali mawu aang'ono. Kenako fufutani zokongoletsa zonse, musinthe chithunzi, zilembo ndi mitundu. Mukasintha mawu okha, positalayo ikadali ya mwini tempuleti.

Chithunzi chimodzi, cha anthu enieni

Palibe chimene chimaulula positala ya tempuleti msanga kuposa chithunzi chotengedwa m'nkhokwe ya pulogalamu. Anthu a ku Ndirande akaona kwaya ya kunja itavala mikanjo imene sanaionepo, amadziwa kuti si imene idzaimbe Loweruka. Koma akaona Nachisale amene amagulitsa naye tomato ali pakati pa nyimbo, amaima, ndipo amaitananso mnzawo kuti adzaone.

Pitani pa tsiku lophunzira nyimbo, mupemphe oimba avale yunifolomu, ndipo muwajambulire panja, pamthunzi wa khonde kapena nthawi ya kum'mawa dzuwa lisanakwere. Dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda m'maso, ndipo m'kati mwa tchalitchi kuwala kumachepa moti chithunzi chimatuluka chambuu. Pukutani galasi la kamera. Yandikirani ndi miyendo m'malo mokoka chithunzi ndi zala, chifukwa kukoka kumachepetsa kuthwa kwake. Musajambule kwaya yonse itaima mzere ngati pa ukwati. Jambulani anthu awiri kapena atatu akuimbadi, pakamwa pali potsegula, manja ali m'mwamba, kumbuyo kwawo kuli khoma losalemba kanthu. Khomalo ndi lofunika pa zifukwa ziwiri: limakupatsani malo oikapo mawu, komanso simufunikanso kuchotsa zakumbuyo, ntchito imene pa Canva ndi ya olipira. Pemphani chilolezo kwa aliyense amene nkhope yake idzaonekere, ndipo ngati ndi mwana, pemphani kwa makolo ake.

Chithunzi chabwino chimaonongeka panjira. WhatsApp imachepetsa zithunzi zotumizidwa mwa nthawi zonse, ndipo chithunzi chimene chadutsa m'mafoni angapo chimatuluka ndi timabokosi pankhope chikasindikizidwa. Wojambulayo akutumizireni posankha Document, kuti chifike monga anachijambulira. Muyeso wa osindikiza ndi timadontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza kuti chithunzi chodzaza A4 yonse chimafunika kukhala 2480 ndi 3508. Pa positala yoonedwa patali, theka la muyeso umenewo limakwanira. Mafoni ambiri a masiku ano amajambula zithunzi za kukula kokwanira bwino, bola zisachepetsedwe panjira.

Chikwezeni kudzera pa Uploads, ndipo chikhale chachikulu, chotenga pafupifupi theka la pepala. Pochikuza, kokani pakona kuti nkhope zisatambasuke. Musaunjike mawu pankhope kapena pa nsalu ya maluwamaluwa. Mawu akhale pakhoma lija, kapena pa bokosi la mtundu umodzi pansi pa chithunzicho.

Zilembo ziwiri, misinkhu itatu

Canva ili ndi mitundu ya zilembo yambirimbiri, ndipo chiyeso chimakhala chakuti mzere uliwonse ukhale ndi wake. Mitundu iwiri ndi yokwanira: umodzi wonenepa wa mutu, wina wosavuta kuwerenga wa zotsalazo. Pa mawu athu aatali, zilembo zonenepa koma zopanikizana monga Anton kapena Oswald zimathandiza, chifukwa mawu ngati "MAKWAYA" amakwana m'lifupi mwa pepala ali aakulu ndithu. Pa mawu aang'ono, Open Sans kapena Lato zimagwira bwino ntchito. Zilembo zokhotakhota zonga zolemba pamanja zimakongola pa khadi la ukwati lomwe munthu amaligwira m'manja, koma pakhoma sizimawerengeka, makamaka zikalembedwa zonse zazikulu. Ngati mumalemba chilembo cha ŵ, monga m'dzina la Malaŵi, yang'anitsitsani, chifukwa mitundu ina yokongoletsa ilibe chilembo chimenechi ndipo chimatuluka chosiyana ndi zinzake.

Magulu atatu aja akhale ndi misinkhu itatu yosiyana mooneka ndithu. Olemba zikwangwani ali ndi lamulo lawo lakuti chilembo chotalika masentimita 2.5 chimawerengeka bwino pa mtunda wa mamita atatu. Pa A4, mawu akuti "MAKWAYA 6" m'zilembo za Anton akhoza kufika masentimita anayi, ndipo amenewo munthu amawawerenga ali pa mamita asanu. Tsiku, nthawi ndi malo zikhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mutuwo, ndipo mawu a gulu lachitatu akhale theka la pamenepo. Positala zambiri zimafooka chifukwa chilichonse ndi chachikulu pang'ono, ndipo diso limasowa poyambira.

Tsiku lilembedwe lonse: "Loweruka, 14 Juni, 1 koloko masana". Dzina la tsiku ndi limene anthu amasunga m'mutu, ndipo manambala okhaokha olekanitsidwa ndi timizere amasokoneza. Mtengo ukhale pafupi ndi tsiku, osati pakona ina.

Kenako sankhani mbali imodzi yoyambira mizere. Matempuleti ambiri amaika chilichonse pakati, ndipo mizere yaitali ndi yaifupi ikasakanikirana, m'mbali mumaoneka mosalongosoka. Yesani kuti mizere yonse iyambire kumanzere pa mzere umodzi wowongoka. Canva imaonetsa timizere tothandizira mukamasuntha chinthu, ndipo pa Position pali mabatani olinganizira. Zinthu za gulu limodzi ziyandikane, ndipo pakati pa gulu ndi gulu pakhale mpata wooneka. Mpata umenewo musaudzaze ndi nkhunda, nyenyezi kapena zizindikiro za nyimbo. Ndi umene ukuthandiza diso kudziwa pamene nkhani imodzi yathera.

Mitundu ichokere pa yunifolomu

Golide pa chakuda ndi wotchuka chifukwa amaoneka wapamwamba pa foni, koma aliyense akumugwiritsa ntchito. Inu tengani mitundu pa chinthu chimene anthu amakudziwani nacho. Ngati kwaya yanu imavala malaya oyera ndi nsalu yobiriwira, positala ikhale yoyera ndi yobiriwira. Mukakweza chithunzi n'kutsegula posankhira mitundu, Canva imakuonetsani mitundu imene yapeza m'chithunzicho, ndipo mukasankha pamenepo, mawu ndi chithunzi zimagwirizana zokha. Mtundu umodzi waukulu, umodzi wa mawu, ndi umodzi wowala wa chinthu chimodzi chokha monga tsiku, basi. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake yoyamba ndi chizindikiro cha #, mwachitsanzo #FFFFFF ndi woyera. Lembani manambala a mitundu yanu m'kope kuti positala yotsatira idzafanane ndi iyi.

Chofunika kwambiri pa mitundu si kukongola kwake koma kusiyana kwa kuwala. Mawu ofiira pa chobiriwira amaoneka osiyana pa foni, koma mitundu iwiriyi nthawi zambiri imakhala yoderako mofanana, ndipo ikalowa m'makina a fotokope imasanduka imvi imodzi, mawu n'kusowa. Anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira amavutikanso nawo ngakhale pa pepala la mitundu. Njira yoyesera ndi yosavuta: tsitsani positalayo ngati chithunzi, muitsegule m'foni, muisandutse yakuda ndi yoyera. Ngati mutu ndi tsiku zikuwerengekabe, mitundu yanu ili bwino.

Ganiziraninso za thumba la mpingo. Ngati mapepala ambiri adzakhala a fotokope, pansi pa positala pakhale poyera, mawu akhale akuda. Pepala lodzaza ndi mtundu wakuda limadya inki, limatuluka ndi mizeremizere, ndipo eni makina ena amakweza mtengo.

Kuchoka pa foni kupita pakhoma

Musanatsitse, onetsetsani kuti simunagwiritse ntchito chinthu chokhala ndi kachizindikiro ka chisoti chachifumu. Zimenezo ndi za olipira, ndipo zimabwera ndi timizere ndi dzina la Canva pamwamba pake, kapena pulogalamuyo imakupemphani ndalama potsitsa. Mukakonzeka, pitani pa Share, kenako Download. Ya kusindikiza sankhani PDF Print. Ya pa WhatsApp ndi Facebook sankhani PNG. Ngati mukupita kwa osindikiza aakulu amene amadula mapepala, ndipo mtundu wanu ukufika m'mphepete, chongani pa Crop marks and bleed. Zimenezi zimawonjezera mamilimita pafupifupi atatu kuzungulira, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasatsale kamzere koyera. Fayiloyo ipite kwa wosindikiza ngati Document kapena pa fulashi, osati chithunzi chojambula pa sikirini.

Sindikizani pepala limodzi lokha poyamba. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala pamene makina amaipanga ndi inki, choncho buluu ndi zobiriwira zowala kwambiri zimatuluka zozimirira, ndipo zithunzi zimaderako. Nkhope zikada, bwererani pa Canva muwonjezere kuwala kwa chithunzicho pang'ono. Ngati mapepala adzamatidwa panja, funsani mtundu wa makina: inki yamadzi ya makina ambiri aang'ono imasungunuka ikanyowa, pamene ya ufa ya makina a leza ndi a fotokope imapirira.

Pepala loyeseralo limateni pakhoma, muitane munthu amene sakudziwa za mwambowo, aime pa mamita asanu, ayang'ane kamphindi, kenako atembenuke. Mufunseni kuti kukuchitika chiyani, liti, ndipo kuti. Akalephera funso limodzi, chinthu chimenecho chikule, ndipo kuti chipeze malo, china chichoke. Pomaliza, wina wa komiti awerenge mawu onse mokweza, ayang'ane pa kalendala ngati 14 Juni ndi Loweruka ndithu, ndipo aimbe nambala ya foni imene yalembedwapo kuti aone ngati ikulira kwa munthu woyenera. Ngati ndi nambala yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, lembaninso dzina limene lidzaoneke potumiza, kuti wopereka asakayike.

Njira yonseyi siyodalira Canva yokha. Imagwiranso ntchito pa Adobe Express, pa PixelLab ya mafoni a Android, ngakhale pa Inkscape ndi LibreOffice Draw, zomwe ndi zaulere ndipo zimagwira pa kompyuta popanda intaneti. Ndipo ntchitoyi imapepuka ulendo wachiwiri. Mwambo wina ukadzabwera, koperani positala yomweyi, musunge zilembo ziwiri zija, mitundu yomweyo ndi kayalidwe komweko, musinthe mutu, chithunzi ndi tsiku. Pakadzatha miyambo ingapo, anthu a m'dera lanu adzayamba kuzindikira mapepala a mpingo wanu ali patali, asanawerenge n'komwe dzina lake.